Muzu ukabwereza: galafu idutsa kapena ingokhudza mzere wa x?

Ana anga a Fomu 5, Loweruka mvula inatibalalitsa kuholo ya tchalitchi ku Mbare tisanamalize, ndiye ndalemba zotsalazo kuti muwerenge tisanakumanenso. Ndaona m'makope mwanu kuti mizu mukuipeza bwinobwino, koma pojambula galafu ambiri mukuidutsitsa pa muzu uliwonse ngati kombi yothawa apolisi. Si mizu yonse imene galafu imadutsapo.

Tiyambe ndi iyi: y = x³ − 3x + 2. Tikaiphwanya m'mafakita imakhala y = (x + 2)(x − 1)². Mizu yake ndi −2 ndi 1, koma siyofanana. Fakita ya (x + 2) yabwera kamodzi, pamene ya (x − 1) yabwera kawiri. Chiwerengero chimenechi, cha kangati fakita yabwereza, ndicho mabuku anu akutcha maltiplisiti. Ine ndizingoti kubwereza kwa muzu.

Musaloweze kaye lamulo. Tengani kakyuleta muyese manambala oyandikira muzu, kumanzere ndi kumanja. Pa x = −2.1, y ndi −0.961. Pa x = −1.9, y ndi 0.841. Galafu inali pansi pa mzere wa x, tsopano ili pamwamba, ndiye kuti yadutsa. Bwerani pa 1. Pa x = 0.9, y ndi 0.029, ndipo pa x = 1.1, y ndi 0.031. Mbali zonse ziwiri ili pamwamba. Yatsika, yakhudza mzere pa 1, n'kubwerera komwe inachokera, monga mpira umanjanjira pabwalo la Rufaro.

Chifukwa chake n'chiyani? Pafupi ndi 1, fakita inayo ya (x + 2) ili cha m'ma 3 ndipo sikusintha chizindikiro. Yomwe ikanasintha ndi (x − 1), popeza kumanzere kwa 1 ndi negetivi, kumanja ndi pozitivi. Koma taichulukitsa ndi iyo yomwe, ndipo negetivi kuchulukitsa ndi negetivi kumapereka pozitivi. Kusinthako kwafafanizika. Fakita ikabwera kanayi kapena kasanu ndi kamodzi, ma negetivi amakwatirana awiriawiri, palibe wotsala. Ikabwera kamodzi, katatu kapena kasanu, mmodzi amatsala wopanda mnzake, ndipo iyeyo ndi amene amatembenuza chizindikiro cha y. Choncho kubwereza kukakhala kogawika ndi 2, galafu imangokhudza n'kubwerera. Kukakhala kosagawika ndi 2, imadutsa.

Apa pali pomwe Chisomo anandifunsa funso labwino: ngati kamodzi ndi katatu zonse zimadutsa, kusiyana kwake kuli pati? Kuli pa kadutsidwe. Yesani y = (x − 1)³. Pa 0.9 mupeza −0.001, pa 1.1 mupeza 0.001. Yadutsadi, koma taonani kuchepa kwa manambalawo. Galafu imafika pa 1 itagona chafufumimba pa mzere, kenako n'kudzuka mbali inayo, ngati galimoto yofika pa hampu: imachepetsa liwiro mpaka kukhala ngati yaima, koma ulendo umapitirira. Muzu wa kamodzi ulibe zimenezo, galafu imangoudula chopendekera. Amene mwayamba kale kudifarenshiyeta mutha kutsimikiza: muzu ukabwereza kawiri kapena kuposa, dy/dx imakhalanso 0 pomwepo. Pa chitsanzo chathu choyamba dy/dx = 3x² − 3, yomwe ndi 0 pa x = 1 ndi pa x = −1. Pa 1 ndi pokhudzira paja, pa −1 ndi pa nsonga ya phiri, (−1, 4).

Izi munaziona kale osadziwa. Pa ikweshoni ya kwadiratiki, b² − 4ac ikakhala 0 tinkati mizu iwiri ndi yofanana. Ndi muzu womwewu wobwereza kawiri, n'chifukwa chake parabola yake imangokhudza mzere.

Misampha iwiri imene imadya malikisi pa mayeso a ZIMSEC. Woyamba: musawerenge kubwereza musanamalize kuphwanya. Mu y = (x² − 4)(x − 2) mungaganize kuti 2 wabwera kamodzi, koma x² − 4 ndi (x − 2)(x + 2), ndiye 2 wabwera kawiri ndipo galafu imangokhudza pamenepo. Wachiwiri: kukhudza sikuchokera pamwamba nthawi zonse. Mu y = (x − 1)²(x − 5), pafupi ndi 1 fakita ya (x − 5) ili cha m'ma −4, choncho galafu imakwera kuchokera pansi, n'kukhudza, n'kutsikanso.

Loweruka likubwerali, 9 koloko m'mawa, aliyense abwere atajambula y = x³(x − 2)²(x + 1) ndi y = (x² − 1)(x + 1)². Pa muzu uliwonse mulembe kuti wabwereza kangati komanso manambala awiri amene mwayesa mbali ndi mbali. Yachiwiriyo muiyang'anitsitse musanagwire pensulo.