Kaundula wa Katundu Wokhalitsa wa Bungwe, Kufikira pa 31 Disembala 2024

Katundu yense wolembedwa muno tamuona ndi maso ku ofesi ya ku Limbe ndi ku nthambi ya ku Ndirande, ndipo mitengo yake tatenga pa malisiti ogulira. Kutsika kwa mtengo timakugawa mofanana pa zaka zomwe katundu ayenera kutumikira, ndipo chaka chogulira chimawerengedwa chathunthu.

Nambala 01. Njinga yamoto inagulidwa mu Malichi 2022 pa K3,500,000 ndipo imagona ku Ndirande, m'manja mwa mlangizi wa kumadera. Pa zaka zisanu imatsika ndi K700,000 pachaka, choncho mtengo wotsala ndi K1,400,000. Injini ili bwino, koma tcheni chatha ndipo tayala lakumbuyo lasalala moti sikoyenera kukwera nayo misewu ya kumtunda nyengo ino ya dzinja.

Nambala 02. Malaputopu awiri anagulidwa mu Januwale 2023 pa K1,800,000 onse pamodzi, ndipo ali ku Limbe. Pa zaka zinayi amatsika ndi K450,000 pachaka. Mtengo wotsala ndi K900,000. Ya mlembi batire lake silisunganso moto.

Nambala 03. Printa ya ku Limbe inagulidwa mu 2021 pa K480,000 ndipo yakhala ikutsika ndi K120,000 pachaka, kotero kuti chaka chino mtengo wake wathera pomwepa. Ikadali kusindikiza bwino, n'chifukwa chake isafufutidwe m'kaundula, popeza katundu amene sakuoneka m'buku savuta kusowa.

Nambala 04. Jenereta inagulidwa mu 2022 pa K1,200,000, magetsi akuzimazima namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira. Imasungidwa m'kachipinda kokiya kuseri kwa ofesi ya ku Limbe. Pa zaka zisanu imatsika ndi K240,000 pachaka, ndipo mtengo wotsala ndi K480,000. Ikudontha oyilo pansi pake, ndipo iyenera kuonedwa ndi makaniko.

Nambala 05. Madesiki anayi, mipando 12 ndi kabati yachitsulo zinagulidwa mu 2020 pa K1,500,000. Pa zaka khumi zimatsika ndi K150,000 pachaka. Mtengo wotsala ndi K750,000. Desiki imodzi ndi mipando inayi zili ku Ndirande, komwe mipando iwiri yathyoka miyendo.

Katundu yense anagulidwa pa K8,480,000. Chaka chino watsika ndi K1,660,000, kuyambira pogula watsika ndi K4,950,000, ndipo mtengo wotsala m'buku ndi K3,530,000. Komiti idziwe kuti mtengo umenewu si wa pamsika: kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe tinagulira njinga ija sizingatigulirenso ina yofanana nayo, choncho inshuwalansi yake iwerengedwe pa mtengo wa lero.

Kaundulayu walembedwa ndi msungichuma, ndipo watsimikizidwa ndi wapampando wa komiti pa 10 Januwale 2025.