Mawu a pa Zikwangwani za Kankhokwe, Kuchokera ku Luangwa Mpaka pa Mwami

Kwa amisiri osindikiza ndi okhoma zikwangwani,

Nawa mawu a zikwangwani 9 za akaunti yathu ya achinyamata yotchedwa Kankhokwe. Mawu amene ndalemba ndi zilembo zazikulu ndi okhawo opita pa chikwangwani. Enawo ndikulankhula ndi inuyo, musawasindikize.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akaponya diso pa chikwangwani kwa masekondi 3, ndiye kuti wayenda kale mamita 66 maso ali kumbali. Chonde musawonjezere liwu ngakhale limodzi chifukwa choti pakuoneka malo otsala. Malo opanda kanthuwo ndawasiya dala.

Pansi pa chikwangwani chilichonse pakhale mzere umodzimodzi uwu, chizindikiro cha banki chili chakumanja kwake:

KANKHOKWE: AKAUNTI YA ACHINYAMATA. YAMBANI NDI K20.

1. Msewu wa Great East, mutapitirira Kacholola, choyang'ana obwera kuchokera ku Lusaka

MWAFIKA KWANU.
MWANA MWAMUTENGERA CHIYANI?

Musachikhome pafupi ndi mlatho wa Luangwa. Pamenepo msewu ndi wokhotakhota ndiponso wa zitunda, ndipo munthu amene wagwira chiwongolero alibe diso lina lobwereketsa. Fufuzani pamalo pamene msewu wawongoka. Chimenechi chikulankhula ndi amalume ndi azakhali amene adzaza buti ndi shuga, buledi ndi nsapato za ana, ndipo m'basi yonse aliyense ali ndi mwana wina wake amene akumudikira kumudzi.

2. Nyimba, pamene mabasi amachepetsa liwiro

NTHOCHI NDI ZA LERO.
K20 NDI YA MAWA.

Chithunzi: phava limodzi la nthochi, basi. Amayi ogulitsa pamsewu asaone ngati tikuwaphera malonda, ndiye nthochizo zioneke zakupsa bwino, zokopa.

3. Katete, polowa m'tauni

M'MERA MPOYAMBA.
MUTSEGULIRENI MWANA KANKHOKWE.

Mwambi uwu suyenera kuwerengedwa mpaka kumapeto, munthu akangoona liwu loyamba mtima wake umamaliza wokha. Nchifukwa chake ndaulola pamalo pamene magalimoto akadali pa liwiro. Mwambi wina uliwonse wautali kuposa uwu sukukwana pa chikwangwani cha pamalo pano.

Kumapeto kwa Ogasiti msewu uwu umadzaza ndi anthu opita ku Kulamba ku Mkaika, ena ochokera ku Malawi, ena ku Mozambiki. Anzathu ena muofesi anafuna kuti pa nthawiyo tiikepo chithunzi cha Gule Wamkulu. Ndakana. Zimenezo zili ndi eni ake ndipo si zogulitsira akaunti. Pa milungu iwiri ya m'nyengo ya mwambowo mungomata kansalu kopingasa pakona yakumwamba kolembedwa kuti:

YENDANI BWINO KU MKAIKA.

4. Polowera mu Chipata, musanafike pa geti lolandira alendo lija

CHIMANGA M'NKHOKWE.
NDALAMA M'KANKHOKWE.

Ichi ndicho chachikulu pa zonse, ndipo ngati ndalama zosindikizira zitachepa, zina zonse zidikire koma ichi chikwere. Mawu 4 okha. Chithunzi chikhale cha nkhokwe yeniyeni ya kwathu kuno, yoluka ndi nsungwi, yokhala pa miyala kapena pa mafoloko a mitengo, denga lake la udzu, ndipo pambali pake pakhale kankhokwe kakang'ono kofika m'chiuno mwa mwana. Musanditengere chithunzi cha kankhumba kadothi koboola pamsana kamene kadzaza pa intaneti. Kuno nkhumba imakhala m'khola, ndipo palibe gogo amene anaponyapo ngwee pamsana pake. Nkhokwe aliyense amaidziwa ntchito yake: umathiramo m'nyengo yokolola, umatapamo pang'onopang'ono, ndipo amene yake yatha mu Okutobala amadziwa mmene Febuluwale amawawira. Sitifunikira kufotokoza chilichonse.

Zilembo zoyera pa mtundu wobiriwira wakuda. Madzulo dzuwa limawomba kuchokera kumbuyo kwa obwera kuchokera ku Katete n'kugwera pa chikwangwanicho, choncho musagwiritse ntchito penti yonyezimira.

5. Pafupi ndi msika wa Kapata

WAPALASA TSIKU LONSE.
SUNGAKO K5.
MAWA UDZAGULA NJINGA YAKOYAKO.

Apa pokha ndalola mizere 3, chifukwa pano palibe wothamanga. Owerenga ndi anyamata onyamula anthu ndi katundu pa njinga, amene amaima pamthunzi phazi limodzi pansi kudikira makasitomala, ndipo chikwangwanichi adzachiona kambirimbiri pa tsiku. Ena mwa iwo njinga imene akupalasa ndi ya munthu wina, madzulo amakapereka ya bwana kaye asanawerenge yawo. Mzere womalizawo ndi wa iwowo.

Mwaona kuti pano ndalemba "iwe" pomwe ku Katete ndinalemba "inu". Sikulakwitsa, musakonze. Polankhula ndi kholo tikuti mutsegulireni, polankhula ndi mnyamata tikuti sungako, monga mmene mkulu wake angamuuzire. Tinakangana nazo muofesi masiku awiri, ena akuti banki siingatchule kasitomala kuti iwe. Ine ndinati mnyamata wa zaka 19 ukamuuza kuti "sunganiko" amacheuka kuona ngati kumbuyo kwake kuli munthu wamkulu.

Chikhale chotsika, chofanana ndi mutu wa munthu amene wakhala pa chishalo, koma chisatchinge njira ya oyenda pansi.

6. Pamsewu wodutsa ana a sukulu za sekondale, cha ku Chizongwe

WATENGA REJI?
TENGANSO KANKHOKWE.

Pansi pake, m'zilembo zocheperako:

OSAKWANA ZAKA 18 ABWERE NDI KHOLO.

Reji amatenga munthu akakwanitsa zaka 16, ndipo sabata yoyamba amayenda nayo m'thumba la malaya ngakhale popita kukatunga madzi. Tikufuna timupeze akadali m'chisangalalo chimenecho. Mzere waung'onowo usachoke zivute zitani. Sindikufuna kuti mwana ayende wapansi mpaka ku banki ndi K20 yake m'manja, n'kukabwezedwa pakhomo.

Kuyambira mu Okutobala, a giredi 12 akayamba mayeso, musinthe mawu akuluwo ndi awa:

SUKULU IKUTHA.
YA GANYU YOYAMBA IKALOWE KUTI?

7. Msewu wa ku Lundazi, choyang'ana olowa m'tauni

NDALAMA ZA SOYA ZILI NDI MIYENDO.
ZITSEKERE M'KANKHOKWE.

Ichi chikwere mu Meyi, chitsike mu Seputembala. Ndi nyengo imene masikelo amapachikidwa pa mitengo m'mbali mwa msewu, makanta akutsika atadzaza matumba, anyamata atakhala pamwamba pa katundu. Mnyamata amene walima kagawo kakekake m'munda wa bambo ake amagwira ndalama yochuluka kamodzi pa chaka, ndipo aliyense wa ife akudziwa mmene imayendera: foni, sipika, jini, kenaka anzake amene sanamuthandize kupalira. Pofika nthawi yogula mbewu ndi feteleza watsala ndi chaja.

Musindikize nsalu ziwiri zina zosinthira, liwu limodzi lokha ndilo losiyana: ina ikhale NDALAMA ZA NSHAWA, ina NDALAMA ZA THONJE. Lembani nshawa monga timanenera kuno, osati mtedza.

8. Msewu wa ku Chadiza

PANSI PA MPHASA PALI CHISWE.
KU BANKI KULIBE.

Mawu awa sindinawapeke nditakhala pa desiki. Azakhali anga anasungira mdzukulu wawo ndalama za yunifomu ndi nsapato m'kachitini kopanda chivindikiro, n'kukakwirira pakona ya nyumba pansi pa mphasa. Pofukula mu Januwale anapeza dothi lofiira litadzaza m'chitinimo, ndalama zamapepala zitasanduka tizidutswa tonga masamba a bwemba. Zinapulumuka ndi zachitsulo zokha. Anakhala pakhonde tsiku lonse osalankhula, kachitini kali pamiyendo.

Chithunzi: ndalama yapepala imodzi yodyeka m'mbali. Ikhale yojambula pamanja, yosafanana ndendende ndi ndalama yeniyeni, kuti tisayambane ndi a Banki Yaikulu ya Zambia.

9. Pakati pa Mwami ndi Chipata, choyang'ana obwerera m'tauni

PHINDU LA LERO, TAPAPO PANG'ONO.
PANG'ONOPANG'ONO NDI MTOLO.

Pa chikwangwani ichi chokha mzere wapansi usinthe, ukhale YAMBANI NDI K20 YA ZAMBIA. Tsidya linalo ndalama yawo ndi kwachanso, ndipo wochokera ku Mchinji akaona K20 yokha adzaseka, chifukwa kwawo imeneyo siigula ngakhale chitumbuwa. Owerenga ambiri pano ndi atsikana ndi anyamata ochita malonda odutsa malire, amene madzulo amabwerera ndi kandalama komangidwa pa nsonga ya chitenje kapena kobisidwa m'sokosi.

Kumapeto kwa Febuluwale, pa nthawi ya Nc'wala ku Mtenguleni, tidzapachika kansalu kamodzi kongoyembekezera pamsewu wopita kumeneko. Mwambowo ndi wa zipatso zoyamba za m'munda, ndiye mawu ake ndi awa:

ZOYAMBA KUCHA ZILI NDI MALO AKE.
YOYAMBA KUPEZA, M'KANKHOKWE.

Kansalu kameneka musakasindikize kaye. Ndikufuna akuluakulu a ku Mtenguleni awaone mawuwa asanakwere, ndipo akati ayi, sakwera.

Mawu a pa kapepala kogawira m'manja, ndi pa chitseko cha banki

Zimene sizinakwane pamsewu zili apa, pamene munthu angaime n'kuwerenga:

KANKHOKWE NDI AKAUNTI YOSUNGIRA NDALAMA YA ANA NDI ACHINYAMATA MPAKA ZAKA 25. MUMATSEGULA NDI K20. SITIDULA NDALAMA YA PAMWEZI. WA ZAKA 18 KUPITA M'TSOGOLO ABWERE NDI REJI YAKE NDI KACHITHUNZI KAMODZI. WOSAKWANA ZAKA 18 ABWERE NDI KHOLO KAPENA WOMULERA, ATATENGA REJI YAWO NDI KHADI YA KUSIKELO KAPENA CHIKALATA CHOBADWIRA CHA MWANAYO. MUKHOZA KUIKAMO NDALAMA KU BANKI KAPENA KUDZERA PA FONI. ZA CHIWONGOLADZANJA NDI MALAMULO ENA FUNSANI PA KAUNTALA.

Nambala ya chiwongoladzanja sindinaiike pa chikwangwani chilichonse, ndipo wina akakuimbirani kuti muwonjezere, mumuuze alankhule ndi ine. Nambalayo imasintha, pomwe chikwangwani chimakhala padzuwa chaka chonse chikulonjeza zomwezo. Nambala ya foni ya banki nayonso ikhale pa kapepala pokha. Palibe dalaivala amene angaloweze manambala 10 ali pa liwiro, ndipo amene angayese kuilemba ndi amene tidzamumve pa wailesi.

Musanasindikize zonse, pangani chimodzi chokha, cha nambala 4, pa saizi yake yeniyeni. Tidzachiimika pabwalo lanu Lachisanu m'mawa, ine ndidzabwerera m'mbuyo mapazi 100 ndi mlonda wanu uja wovutika maso. Akachiwerenga iyeyo osafinya nkhope, mupitirize ndi zinazo. Makalata a chilolezo a ku khonsolo ndi a oyang'anira misewu ndidzabwera nawo tsiku lomwelo, ndipo musakumbe dzenje lililonse musanawaone.