Lipoti la Zotsatira za Kuyeza Madzi a Mtsinje wa Likangala

Kwa a Wapampando a Komiti Yosamalira Mtsinje,

Pa 14 Januwale tinatunga madzi pamalo atatu mu Likangala: kumtunda pafupi ndi phiri la Zomba, pamlatho wa mu tauni, ndi kumunsi kumene mtsinje ukulowera ku Nyanja ya Chilwa. Usiku wa dzulo lake kunagwa mvula yamphamvu, choncho manambalawa muwawerenge mukukumbukira zimenezo.

Pa pH, muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena ayi, sitinapeze chodetsa nkhawa: 7.1 kumtunda, 7.4 pamlatho, 7.6 kumunsi. Onsewa ali pakati pa 6.5 ndi 8.5, momwe madzi abwino amayenera kukhalira.

Matope ndiwo atidandaulitsa. Pa muyeso wa kuchuluka kwa matope m'madzi wotchedwa NTU, kumtunda tinapeza 9 NTU, timiyala ta pansi tikuoneka bwinobwino. Pamlatho anafika 186 NTU, madzi ali psuu, ndipo botolo litakhala mphindi khumi dothi linadikha pansi. Kumunsi tinapeza 240 NTU. Madzi akumwa sayenera kupitirira 5 NTU, koma pomwepo tinakumana ndi amayi awiri akutunga m'zidebe. Tikuganiza kuti dothili likuchokera m'madimba olimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni ndi m'maenje a okumba mchenga.

Mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi unali mamiligalamu 7.8 pa lita imodzi kumtunda, 5.2 pamlatho, ndi 3.9 kumunsi, madzi akutentha madigiri 26. Ukatsika pansi pa 5, nsomba zambiri zimavutika kupuma. Kumunsiko tinayeza kawiri kuti titsimikize, ndipo nambala sinasinthe.

Tikupempha kuti mutilole tibwererenso mu Juni madzi akadikha, tiyezenso tizilombo toyambitsa matenda. Pakadali pano, mafumu a kumunsi auzidwe msanga kuti anthu azisefa madziwa ndi kuwawiritsa, chifukwa kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope chonchi.

Ine wanu,
Mtsogoleri wa gulu loyeza madzi