Chidziwitso kwa anansi athu: kutseka msewu, phokoso ndi maola ophulitsa miyala

Makolo athu, abale ndi alongo nonse okhala pafupi ndi saiti,

Pokumba ngalande yoikamo mapaipi a madzi takumana ndi thanthwe lomwe makina athu alephera kuswa, ndiye palibe kuchitira mwina, tiliphulitsa. Ntchitoyi iyamba Lolemba pa 14 Julaye mpaka Lachisanu pa 8 Ogasiti.

Msewu ukhala otseka kuyambira pa mlatho kukafika pa mphambano ya kusukulu. Magalimoto, njinga zamoto ndi zakapalasa muzidzera njira yakumtunda, tayikonza kale komanso tiika zikwangwani. Oyenda pansi takusiyirani kanjira m'mbali mwa mpanda. Ambulansi kapena galimoto yonyamula odwala tiziyitsegulira nthawi ina iliyonse, ngakhale usiku, ingouzani mlonda.

Makina aziyamba 7 koloko mmawa kuweruka 5 koloko madzulo, Loweruka 12 koloko masana, Lamulungu kulibe ntchito. Choboolera miyala chimasokosa zedi, sitikunamizani, ndipo fumbi likhalapo ngakhale tizithira madzi.

Apa ndiye tamverani bwino chonde. Kuphulitsa kuzichitika Lachiwiri ndi Lachinayi basi, pakati pa 10 ndi 11 koloko mmawa, tasankha nthawi imeneyi dala poti ana amakhala ali m'kalasi. Sairini izilira katatu kwatsala mphindi 10, ndipo ikangolira kanjira ka oyenda pansi kaja timatsekanso, aliyense akhale kuseri kwa mbendera zofiira. Amene muli pakhomo lowani m'nyumba, tengani ana ang'ono, mangani ziweto, ndipo musaime pawindo kuti muonerere, chifukwa ngakhale timafunditsa thanthwe ndi zimphasa zolemera kamwala kamatha kuthawa n'kuuluka patali ndithu. Mukamva kuphulika musathamangire kutuluka ayi, nthawi zina bowo limodzi limakana kuphulika ndiye katswiri wathu amayenera adikire kaye asanapite kukaona. Dikirani sairini imodzi yayitali, imeneyo ndiye kuti kwayera. Kukakhala ziphaliwali sitiphulitsa, tizikudziwitsani tsiku lina.

Ana auzeni mobwereza, akaona kawaya kapena kachubu kachilendo pafupi ndi saiti asatole, asagwire n'komwe, angotiitana.

Tikudziwa kuti ambiri nkhawa yanu ili pa nyumba, ndipo m'pomveka, pansi pazinjenjemera pang'ono. Sabata ino tiyenda khomo ndi khomo kujambula makoma a nyumba zoyandikira, eni ake muli pomwepo, kuti mng'alu watsopano ukaoneka pasakhale kukanganapo. Ngati pakhomo pali odwala, agogo ovutika kuyenda, khanda kapena wina osamva bwino oti sairini imuphonya, tiuzeni tikamadutsa, tizituma munthu kudzagogoda tisanaphulitse.

Dandaulo lililonse bwerani nalo ku ofesi yathu pa geti la saiti nthawi ya ntchito, tilemba m'buku ndipo yankho mulandira pasanathe masiku awiri.

Pepani kwambiri chifukwa chokusokonezani, ndipo zikomo potipirira.

Ine wanu,
Woyang'anira ntchito pa saiti