Kope la Kalaliki wa Sikelo

Lolemba, 18 Seputembala 2023

Lero ndakhalanso pa desiki patapita zaka 21. Ndinasiya sukulu mu 2002 ndili Fomu 3, chaka cha njala chija, bambo atamwalira ndipo amalume atanena kuti ndalama ya fizi ikagule chimanga. Kuyambira pamenepo ndakhala pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, poyamba ndikuthyola, kenaka ndikulemba makilogalamu pa sikelo, ntchito imene ndaigwira zaka 12 popanda kusokoneza buku ngakhale kamodzi. Koma mwezi wa Julayi, pamene malo a kalaliki wamkulu anapezeka, anapatsa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira buku la sikelo, chifukwa iye ali ndi satifiketi ya MSCE pamene ine ndili ndi ya JCE ya 2001 yokha, yomwe njenjete zayamba kale kuidya m'mphepete.

Ndalembetsa sukulu ya masana pafupi ndi Luchenza, imene timalowa ana a m'mawa akaweruka. Nditalowa m'kalasi ana onse anaimirira poganiza kuti ndine mphunzitsi, ndipo nditakhala pa benchi ya kumbuyo kuseka kunabuka. Mnyamata wina ananong'oneza mnzake kuti, “Madala asochera, tchalitchi ndi uko.” Sindinamuyankhe, koma mawondo anga anakana kulowa pansi pa desiki, choncho ndakhala chammbali masana onse ngati munthu wodikira basi.

Lachinayi, 5 Okutobala

Aphunzitsi a masamu ndi mwana wa mayi wina amene tinkathyola naye tiyi m'gulu limodzi. Ndimawakumbukira akubwera kumunda atanyamula chinangwa chophika cha amayi awo, makabudula atang'ambika kumbuyo. Lero amandiitana kuti “bambo” ndipo akamandifunsa funso amatsitsa mawu, zimene zikundipweteka kuposa kuseka kwa ana, pakuti ndikuona kuti akundimvera chisoni. Anandifunsa za alijebura ndipo m'mutu mwanga munali mbee ngati chifunga cha chiperoni chikaphimba phiri la Mulanje mwezi wa Juni. Ine amene ndimawonkhetsa makilogalamu a anthu 60 pamtima, ndinalephera kunena chimene x akuimira.

Dzanja nalo likundichititsa manyazi. Linazolowera manambala ndi mayina, osati ziganizo zazitali, moti ndikalemba tsamba limodzi la Chingerezi chala chapakati chimatupa ndipo zilembo zimayamba kugwa mumzere. Ndafunsa mayi a Chisomo usiku uno ngati sindikungotaya ndalama. Iwo anati, “Bambo a Chisomo, ndalama mwalipira kale, ndiye mukaidyere konko.” Akazi anga sadziwa kutonthoza munthu, koma nthawi zina zimenezo n'zimene zimandidzutsa.

Loweruka, 11 Novembala

Ndalama ya kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti sabata ino, ndipo pamsika wa Luchenza shuga ndi sopo zayamba kale kukwera. Ndakhala pansi ndi pensulo kuwerengera fizi ya Chisomo, amene ali Fomu 4 ndipo alemba mayeso a MANEB chaka chamawa, fizi ya mng'ono wake, feteleza wa kumunda, kenaka yanga pamapeto. Ikapanda kukwana, aliyense akudziwa dzina limene lidzafufutidwe. Anzanga a ku bawo akuti munthu wa zaka 39 amamanga nyumba, sagula makope, ndipo mwina sakunama.

Lachitatu, 13 Disembala

Zotsatira za mayeso a temu yoyamba zatuluka. Ulimi ndapeza 71, Chichewa 64, Chingerezi 38, masamu 19. Ndinapinda pepalalo kanayi ndi kulibisa m'thumba la jekete, ngati mmene ndinkachitira ndili mwana, kuiwala kuti tsopano palibenso wondikwapula. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti satifiketi ya MSCE imafuna maphunziro 6 okhoza, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala chimodzi mwa amenewo. Ulimi wanga wa 71 sungandipulumutse ngati Chingerezi chagwa.

Mvula yayamba ndipo tiyi waphuka paliponse, minda yonse yabiriwira mpaka kumene maso alekeza. Iyi ndi nyengo imene sikelo sipuma, chifukwa masamba akachedwa kufika ku fakitale amatentha m'matumba ndi kufiira, ndipo othyola amakhala pamzere madengu ali kumsana kudikira kuti ndiwalembere. Temu yachiwiri ikadzayamba ndizidzafika m'kalasi mochedwa, nditanyowa, kapena osafika n'komwe. Ndalemba kalata yosiya sukulu ndipo ili m'Baibulo, sindinaipereke.

Lamlungu, 21 Januwale 2024

Ndajomba masiku 6 m'masabata awiri. Madzulo ano magetsi atazima, Chisomo anandipeza pakhonde ndikuyang'ana kope la masamu ndi tochi ya foni. Anagwada pambali panga, monga amachitira akabweretsa madzi osamba m'manja, n'kundifunsa mwaulemu ngati angaone. Ndinachita manyazi kwambiri kuti mwana amene ndinamuphunzitsa kuwerenga zala aone 19 wa bambo ake, koma ndinamupatsa.

Anayang'ana funsolo kanthawi, kenaka anatseka kope n'kunena kuti, “Ababa, amayi awiri athyola tiyi wokwana makilogalamu 70 onse pamodzi, koma wina waposa mnzake ndi makilogalamu 14. Aliyense wathyola angati?” Ndisanapume n'komwe ndinayankha kuti 42 ndi 28, chifukwa mafunso otere ndimakumana nawo tsiku lililonse anthu akaphatikiza masamba m'thumba limodzi. Iye anatsegula kope lija ndi kundionetsa zimene aphunzitsi analemba: x + y = 70 ndi x − y = 14. Linali funso lomwelo. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere poyamba kuti x ndi mayi wonyamula dengu, ndipo anaseka mpaka amayi ake anatuluka kudzaona chimene chachitika.

Komabe sindikufuna kudzinamiza. Kudziwa yankho pamtima si kulilemba mwa njira imene oyesa mayeso amafuna, ndipo pamene anandipatsa funso lina lokhala ndi manambala a pansi pa ziro, ndinagwanso. Pa sikelo palibe munthu amene amathyola makilogalamu ochepera ziro. Tinakhala mpaka batire ya foni inatha, iye akundiuza kuti ndiziganiza za ngongole ya kugolosale, ine ndikulemba pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 2.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Ndinapita kwa akapitawo kukapempha kuti Lachiwiri ndi Lachinayi mnzanga azindigwirira sikelo ya masana, ine ndizimubwezera Loweruka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, “Achimwene, mukadzakhoza musadzatiiwale ife osaphunzira.” Sindinadziwe ngati akundinyoza kapena akunena zoona, koma avomera.

Ndinapalasa njinga m'matope mpaka kusukulu ndipo ndinafika phunziro la Chingerezi litayamba, buluku litathimbirira mpaka m'mawondo. Mnyamata uja amene anati ndasochera ndi amene anandisunthira malo, ndipo pambuyo pake anandipempha kuti ndimufotokozere za kudulira mbewu ndi kuteteza nthaka pamalo otsetsereka, popeza iye Ulimi anapeza 30. Tagwirizana kuti iye azindiwerengera chimangirizo changa cha Chingerezi ndi kuzunguliza zolakwa, ine ndizimuthandiza Ulimi. Lero wazunguliza mawu 23 pa tsamba limodzi, ndipo anachita kupepesa pondibwezera.

Kalata ija ikadali m'Baibulo, pa buku la Miyambo, ndipo sindinaing'ambe chifukwa fizi ya temu yachitatu sindikudziwa kumene idzachokere. Mawa kuli mayeso a masamu a pakati pa temu, mafunso 10. Chisomo wagona, ndipo ine ndatsala ndi mafunso atatu a manambala a ngongole aja ndisanazimitse nyali.