Sopo ndi Madzi, Masekondi 20: Mawu a pa Zithunzi za Kampeni Yosamba M'manja

Chithunzi chachikulu: manja awiri odzaza thovu

Manja ooneka oyera akhoza kunyamula matenda. Sambani ndi sopo.

Pa 15 Okutobala ndi Tsiku Losamba M'manja Padziko Lonse, lomwe linayamba kukumbukiridwa mu 2008. Kampeni yathu ikuyamba tsiku limenelo ndipo ipitirira mpaka nyengo ya mvula itatha.

Pakhomo la chimbudzi

Mwatuluka? Musanagwire foni, musanapatse munthu moni wa m'manja, sambani kaye ndi sopo. Tizilombo toyambitsa kolera, tayifodi ndi kamwazi timachoka m'chimbudzi cha munthu wodwala n'kukafika pakamwa pa wina, ndipo nthawi zambiri timadzera m'manja, m'madzi kapena m'chakudya.

Mayi akusintha mwana thewera

Amayi, abambo, agogo ndi nonse olera ana: chimbudzi cha khanda nachonso chili ndi tizilombo. Ambiri amaganiza kuti popeza mwana amangoyamwa, zotuluka m'thupi mwake n'zosaopsa. Si choncho ayi. Tayani chimbudzi cha mwana m'chimbudzi cha akulu, mutsukeni mwanayo, kenaka sambani m'manja mwanu ndi sopo musanamuyamwitse kapena kumudyetsa. Tikudziwa kuti mwana akamalira mtima umathamanga. Angathe kudikira masekondi 20.

Zithunzi zisanu zotsatizana: kasambidwe

Nyowetsani manja ndi madzi aukhondo oyenda.

Pakani sopo mpaka achite thovu.

Tikitani kwa masekondi osachepera 20: m'zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi kunsi kwa zikhadabo. Chala chachikulu ndi nsonga za zala ndiye zimaiwalika kawirikawiri, chonsecho n'zimene zimagwira chakudya.

Tsukuluzani mpaka thovu lonse lichoke.

Pukutani ndi nsalu yoyera kapena ingowasiyani manja aume okha. Mukawapukuta pa chovala chimene mwavala tsiku lonse, mwabwezanso litsiro lija.

Madzi okha, madzi ndi sopo: manja awiri moyandikana

Bwanji sopo, poti madzi alipo? Khungu lathu lili ndi mafuta, ndipo litsiro ndi tizilombo zimakanirira m'mafutamo. Madzi okha amangodutsa pamwamba. Sopo amagwira mafutawo n'kuwamasula, kutikita kumawachotsa pakhungu, madzi n'kukokolola zonse. Sopo wina aliyense ndi wabwino, wosambira kapena wochapira, ngakhale kachidutswa kotsalira. Safunika kukhala wonunkhira kapena wokwera mtengo. Madzi ozizira amagwiranso ntchito bwino lomwe, bola akhale aukhondo.

Kukhitchini

Musanayambe kuphika, sambani. Mukagwira nyama kapena nsomba yaiwisi, sambaninso musanagwire china chilichonse chodyedwa chosaphika.

Banja latsala pang'ono kudya

Aliyense asambe ndi madzi othiridwa kapena a pampopi, osati onse kuviika manja m'beseni limodzi. Womaliza kusamba m'beseni amasamba litsiro la anzake, ndipo kawirikawiri womalizayo amakhala mwana.

Bambo akusambitsa mwana m'manja

Abambo, ana amaonera inu. Akakuonani mukusamba ndi sopo musanadye, sadzafunika kuwakumbutsa kawirikawiri.

Pasukulu: ana ali pamzere pa malo osambira

Ana inu, pochokera kuchimbudzi ndi kosewera, komanso musanadye, sopo kaye! Werengani pang'onopang'ono kuyambira 1 mpaka 20 uku mukutikita. Wothamangitsa kuwerenga ayambirenso.

Aphunzitsi, mwana amene sadwaladwala m'mimba sajombajomba. Onetsetsani kuti madzi ndi sopo zili pafupi ndi chimbudzi, pamalo poti ngakhale wamng'ono kwambiri afikire.

Mpondagiya pafupi ndi chimbudzi

Mulibe mpopi? Kachigubu koboola, chingwe ndi mitengo zikukwanirani. Mumaponda ndi phazi, madzi n'kumatsika pang'onopang'ono, osagwira chigubu ndi manja akuda. Mangirirani sopo pachingwe kuti asasowe. Sopo akatha, tikitani ndi phulusa loyera n'kutsukuluza bwinobwino pamene mukufunafuna wina. Kusowa sopo tsiku lina si chinthu chochititsa manyazi.

Chithunzi cha manambala

Pa matenda 10 aliwonse otsegula m'mimba, pafupifupi 3 angathe kupeweka anthu atamasamba m'manja ndi sopo. Kusamba kumachepetsanso chimfine ndi matenda ena a m'chifuwa.

Munthu akuyetsemulira mkati mwa chigongono

Kutsokomola kapena kuyetsemula? Phimbani pakamwa ndi mkati mwa chigongono, osati ndi chikhatho. Mukamina, sambani.

Kabotolo ka sanitaiza

Sanitaiza ndi wothandiza paulendo, pomwe palibe madzi. Sankhani wokhala ndi mowa wosachepera 60 peresenti, ndipo tikitani mpaka manja aume. Koma manja akakhala ndi dothi kapena mafuta ooneka, sanitaiza sagwira bwino ntchito. Pamenepo pafunika sopo ndi madzi basi. Ikani botolo patali ndi ana aang'ono.

M'chipinda chodikirira kuchipatala

Mu 1847, dokotala wina wa mumzinda wa Vienna, Ignaz Semmelweis, anaona kuti amayi ambiri ankamwalira atangobereka m'chipinda chimene munkagwira ntchito madokotala ochokera kopima mitembo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanagwire mayi, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Anzake ambiri sanamumvere pa nthawiyo. Lero odwala ndi owadikirira muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi mwasamba m'manja?" Ife azaumoyo sitidzakhumudwa.

Namwino akudonthetsa katemera mkamwa mwa khanda

Sopo ndi katemera zimayendera limodzi. Kachilombo ka rota, komwe kamatsegula makanda m'mimba moopsa, kamafala ngakhale m'nyumba zaukhondo. Katemera wake ndi wodonthetsera mkamwa, ndipo amayamba kuperekedwa mwana akakwanitsa masabata 6. Tengani buku la kuchipatala la mwana wanu ndipo mufunse tsiku lobweranso. Ngati munaphonya tsiku, bwerani ndithu, palibe amene akukalipireni.

Wodwala akumwa ORS

Ngakhale osamala amadwala. Wina akatsegula m'mimba, yambani msanga kumupatsa ORS. Sungunulani paketi yonse m'madzi aukhondo okwana muyeso wolembedwa papaketipo, womwe nthawi zambiri ndi lita imodzi, ndipo azimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Otsala pakatha maola 24 atayeni, mupange ena. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, komanso alandire mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14 monga auzira azaumoyo, ngakhale ataoneka kuti wachira.

Chithunzi cha zilembo zofiira

Thamangirani kuchipatala, usana kapena usiku, ngati wodwala akutsegula madzi okhaokha otuwa ngati otsukira mpunga, akusanza chilichonse, akulephera kumwa kapena kuyamwa, maso alowa mkati, wafooka kwambiri, kapena m'chimbudzi chake muli magazi. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa chabe, koma imachizika akafika msanga. Pitirizani kumumwetsa ORS m'njira.

Wodikirira wodwala akuchapa zofunda

Inu amene mukusamalira wodwala, dzitetezeninso. Sambani ndi sopo nthawi iliyonse mukagwira wodwalayo, zovala zake kapena chidebe chimene wagwiritsa ntchito. Zofunda zake muchapire kutali ndi chitsime kapena mtsinje, ndipo madzi ochapirawo muwathire m'chimbudzi.