Lipoti la kusintha kwa chuma cha eni masheya m'chaka chothera pa 31 Disembala 2024

Ziwerengero za m'tebulo zili m'zikwi za madola.

| | Mpamba wa masheya | Zapamwamba pa masheya | Kukwera mtengo kwa nyumba | Phindu losungidwa | Zonse |
|---|---|---|---|---|---|
| Pa 1 Januwale 2024 | 5,000 | 1,200 | 800 | 3,400 | 10,400 |
| Phindu la chaka | | | | 1,150 | 1,150 |
| Kukwera mtengo, msonkho utachotsedwa | | | 420 | | 420 |
| Masheya atsopano | 1,000 | 460 | | | 1,460 |
| Madividendi | | | | −480 | −480 |
| Zosamutsidwa | | | −35 | 35 | 0 |
| Pa 31 Disembala 2024 | 6,000 | 1,660 | 1,185 | 4,105 | 12,950 |

Kumapeto kwa chaka, katswiri wodziyimira payekha anaunikanso nyumba ya fakitale n'kupeza kuti mtengo wake ukuposa wa m'mabuku ndi madola 600,000. Tachotsapo 180,000 ya msonkho wam'tsogolo, pa 30 peresenti, monga lamulo la padziko lonse la kalembedwe ka mabuku a chuma la IAS 12 likufunira, n'kutsala 420,000. Eni masheya ena anafunsa pamsonkhano wapitawu chifukwa chimene ndalama zoterezi sitigawa. Yankho silinasinthe: nyumbayo sinagulitsidwe, makina akulirabe momwemo, ndipo kubanki sikunalowe ngakhale senti imodzi. N'chifukwa chake IAS 16 imati ziikidwe pazokha, osaziphatikiza ndi phindu la chaka. Komabe tikawerengera pamodzi 420,000 imeneyi ndi phindu la chaka, zonse zimene kampani yapeza chaka chino ndi 1,570,000.

Za 35,000 zosamutsidwazo, nkhani yake ndi iyi. Nyumba ikakwezedwa mtengo, ndalama zimene timachotsa chaka ndi chaka poti ikutha nazonso zimakwera. Kusiyanako, kochokera pa kuunika kwa zaka zam'mbuyo, takusamutsira ku phindu losungidwa. Chuma chonse sichisintha nazo.

Pa 1 Julayi tinagulitsa masheya 1,000,000 pa madola 1.50 iliyonse. Dola imodzi pa sheya yalowa ku mpamba, masenti 50 ku zapamwamba. Zolipira maloya ndi amene anayendetsa malondawo zinakwana 40,000, zochulukirapo kuposa mmene bodi inkayembekezera, ndipo malinga ndi IAS 32 tazichotsa ku zapamwamba, osati ku phindu. Apo ndi pamene 500,000 yasandukira 460,000.

Madividendi anaperekedwa kawiri. Yotsiriza ya 2023, masenti 6 pa sheya, inapita kwa masheya 5,000,000 akale okha ndipo inakwana 300,000. Yapakati pa chaka, masenti 3, inatuluka mu Okutobala masheya atafika kale 6,000,000, choncho inakwana 180,000.

Mu Malichi 2025 bodi inapempha kuti dividendi yotsiriza ya 2024 ikhale masenti 9 pa sheya, zomwe ndi 540,000. Musaifune m'tebulomu: pa 31 Disembala inali isanakhale ngongole ya kampani, ndipo IAS 10 silola kuilemba ngati ngongole. Eni masheya akaivomereza pamsonkhano waukulu, idzaoneka mu lipoti la 2025.